Funso Limene Loya Anafunsidwa

Inali naini koloko m'mawa, Loweruka la mu Ogasiti, ndipo mphepo inali itayamba kale kuulutsa fumbi ndi mapulasitiki m'misewu ya Kalingalinga. Magetsi anali atapita. Fanwell Njobvu anali pakhonde, akusita shati yake yoyera ndi nsimbi ya makala. Kumbuyo kwake kunali bolodi lakuda limene ankaphunzitsirapo Chingerezi kwa anthu obwereza mayeso, ntchito imene anaiyamba atapuma pa uphunzitsi.

Masana a tsikulo ankayenera kukasaina pangano logulitsa nyumba ya mng'ono wake Jameson, ku Mtendere. Jameson anamwalira chaka chathacho osasiya wilu, kalata yonena mmene chuma chake chidzagawidwire. Abale anasankha Fanwell kuti ayang'anire chuma cha masiye, ndipo khoti lalikulu linamupatsa mapepala omutsimikizira pa udindowo. Mwana yekhayo wa Jameson, Kasonde, wobadwa kwa mkazi woyamba, ankafuna kuti nyumbayo igulitsidwe kuti iye agule galimoto ya takisi. Wogula, ba Kalumba, anali atapezeka. M'nyumbamo munkakhala Emelda, mkazi wachiwiri wa malemuyo, amene sanabereke naye mwana. Ankaphika masikono n'kumagulitsa pageti. Anauzidwa kuti afune kokhala, ndipo sanatsutse.

Fanwell sankafuna kuti dzina lake lidzamveke m'nkhani za olanda chuma cha masiye. Choncho anapita m'tauni kwa loya, ba Chewe, n'kukapempha kalata yofotokoza zimene lamulo likunena. Kalatayo inali ya masamba anayi, ndipo ankaisunga m'pulasitiki pansi pa Baibulo. M'banja lonse la a Njobvu munalibe amene anachitapo zimenezo.

Geti linalira, n'kulowa Tiza, mwana wake wamkazi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Tiza ankakhala ku Kaunda Square ndipo ankagwira ntchito mu ofesi ya zamalamulo pa kampani ina ya inshuwalansi, akudikira mayeso omaliza a uloya.

"Ba Dadi, mwauka bwanji? Shati ya pa chikwati yachoka lelo?"

"Tadzuka. Lero ndi tsiku la ntchito. Wadya?"

"Nadya. Ba Dadi, ija kalata Kasonde anaika pa gulupu ya banja ya pa foni, ni peji yothela chabe. Pansi palembeka kuti ni ya namba folo. Yenangu yali kuti?"

"Ali m'nyumba. Ndinawerenga onse. Ndi mawu ozungulira a maloya aja. Yankho lili kumapeto."

"Ku nchito ba bosi bamaphimba peji yothela na kwanja, ati uzaiona ukaniuza vinthu vitatu. Nibwelekeniko, nione chabe."

Fanwell anaika nsimbi pa njerwa n'kukatenga kalatayo. Sizinamusangalatse kwenikweni. Tiza anachotsa tsamba lomaliza n'kulitembenuza pa mpando, n'kulitsindika ndi foni kuti lisauluke. Kenako anatola choko, n'kugawa bolodi la bambo ake patatu. Pamwamba pa gawo loyamba analemba kuti FUNSO. Pa lachiwiri, ZIMENE SANAFUFUZE. Pa lachitatu, MALIRE.

"Bolodi langa limenelo," anatero Fanwell.

"Nizafuta. Khalani pa benchi, ba Njobvu, mwachedwa kale."

Iye anakhala pa benchi ya ophunzira ake, mawondo atatukuka.

Kalatayo inali m'Chingerezi. Tiza anawerenga ndime yachiwiri mokweza, kenako anaimasulira pang'onopang'ono. Inkanena kuti: mwatipempha maganizo athu pa funso ili lokha, ngati munthu amene khoti lamusankha kuyang'anira chuma cha masiye ali ndi mphamvu mwa lamulo yogulitsa nyumba ya m'chumacho. Analemba funsolo pa bolodi monga linalili.

"Manje imwe munali kufuna kuziba chani?"

"Ngati ndingagulitse nyumba ya Jameson kwa ba Kalumba."

"Lelo?"

"Lero."

"Emelda ali mukati?"

Fanwell anayang'ana bolodi. Kwa zaka zambiri iye ankadula mizere yofiira pa mayankho abwino a ana amene anayankha funso limene silinafunsidwe. Anaona yekha kuti funso la pa bolodi linali la woyang'anira chuma aliyense ndi nyumba iliyonse. Munalibe Kalumba, munalibe tsiku, munalibe munthu wokhalamo.

"Ndi mmene ndinafunsira," anatero. "Ndinkafuna kudziwa ngati ndili ndi mphamvu."

"Na beve bayankha vamene munafunsa. Loya sapitilila funso. Tiyeni pa chibili."

Tsamba lachiwiri linali ndi mutu wake, ndipo pansi pake panali timizere ta manambala. Tiza anafotokoza kuti apa ndi pamene loya amalemba zinthu zimene wangozitenga kuti ndi zoona chifukwa wauzidwa, koma iye sanazifufuze. Yankho lonse limakhala litakhazikika pa zimenezo. Chimodzi chikakhala chabodza, yankholo silingagwiritsidwenso ntchito mpaka loya aliunikenso. "So sitibelenga chabe. Tifunsa chimozi-chimozi: ni zoona olo iyayi?"

Choyamba chinali chakuti mafotokope amene loya anapatsidwa ndi ofanana ndi mapepala enieni. Fanwell anati n'zoona, anawajambulitsa yekha. Chachiwiri, kuti malemuyo sanasiye wilu. N'zoona. Chachitatu, kuti pepala la umwini wa nyumbayo lochokera ku kanselo ya mzinda lili m'dzina la Jameson yekha ndipo nyumbayo sinaperekedwe ngati chikole kulikonse. Fanwell anati dzina ndi la Jameson, za chikole sanamvepo. Tiza anaika chizindikiro cha funso pambali. Chachinayi, kuti mwana alipo mmodzi, ndi wamkulu, ndipo akuvomereza kugulitsa. N'zoona.

Atafika pa chachisanu, Tiza anasiya kulemba.

"Apa balemba kuti malemu sanasiye mukazi."

"Inde. Anandifunsa ngati pali mkazi, ndinati palibe."

"Ba Dadi. Nanga ba Mami bang'ono?"

"Emelda tinamusudzula, Tiza. Unalipo. Abale ake anabwera kuchokera ku Kitwe, tinakhala pansi, tinamumasula monga mwa mwambo. Tinati kuyambira lero si mkazi wa kwa Njobvu, ndi mfulu, apite kumene afuna. Tinachita zimenezo pomulemekeza. Ena amasunga wamasiye zaka osamumasula."

Ananena zimenezi mosakweza mawu, ndipo Tiza anadziwa kuti bambo ake sananame mwadala. Kwa iwo, mkazi womasulidwa sanalinso mkazi wa munthu.

"Munachita bwino kubamasula. Koma lamulo iyangana siku yamene ba Dadi bang'ono banamwalila. Pa siku ija, banali bakazi babo?"

"Anali."

"Chikwati chinali cha zoona?"

"Nkhoswe ndinali ine. Mbale zofunsira ukwati ndinanyamula ine."

"Basi. Banasiya mukazi."

Mphepo inagwetsa chitini kuseri kwa nyumba. Tiza anapukuta choko m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba Mami batamwalila, bakwao banabwela kukumasulani naimwe. Palibe anakuuzani kuti mulonge katundu."

Fanwell anayang'ana shati imene inali pa tebulo. Kolala inali isanasitidwe. "Pitiriza," anatero.

Gawo lachitatu linali la malire, ndiye kuti mawu amene loya amachepetsera yankho lake ndi kunena pamene likulekezera. Tiza anawawerenga limodzi ndi limodzi, ndipo Fanwell ndiye ankamasulira tsopano, mwana wake akulemba. Loyamba: woyang'anira chuma angagulitse katundu wa masiye pokhapokha atalandira chilolezo cha khoti.

"Chilolezo ndili nacho. Mapepala a khoti lalikulu aja."

"Yaja yakupangani kukhala oyanganila. Chilolezo chogulisa ni china. Mufunika kubwelela kukhoti, kufotokoza chifukwa chake mufuna kugulisa, jaji avomele."

Fanwell anawerenganso mzerewo. Anali atauwerenga kale tsiku limene analandira kalatayo, ndipo anaudutsa poganiza kuti ukunena za mapepala amene anali nawo m'manja.

Malire ena anali akuti loya sanapite ku kanselo kukafufuza m'mabuku a nyumba. Kalatayo sinkanena chilichonse za ufulu wa munthu aliyense wokhala m'nyumbamo. Inalembedwa potsata lamulo monga linalili pa tsiku limene inasainidwa. Inali ya Fanwell Njobvu yekha, ndipo munthu wina aliyense sankayenera kuidalira popanda chilolezo cha wolembayo. Mzere womaliza unkapempha kuti ngati china mwa zimene loya anauzidwa sichili choona, adziwitsidwe msanga.

"Ba Kalumba baidalila," anatero Tiza. "Kasonde anabatumila peji ija. Vinthu vikavuta, sibangayende kwa ba Chewe. Bazabwela pa geti ino."

Pamenepo anachotsa foni pa mpando n'kutembenuza tsamba lomaliza. Fanwell ankalidziwa pamtima. Linkati iye ali ndi mphamvu yogulitsa nyumba. Koma chiganizocho chinkayamba ndi mawu amene gulupu yonse ya banja inawalumpha pothamangira kuika zithunzi za manja owomba: malinga ndi zimene tazitenga kuti ndi zoona, ndiponso malire amene tatchula pamwambapa.

"Ndiye kalatayi ndi yolakwika?" anafunsa Fanwell.

"Iyayi, ili bwino. Yayankha funso yake. Siinakambe chabe kuti musaine lelo."

"Nanga lamulo likuti chiyani za Emelda?"

"Vamene niziba ni ivi: munthu akamwalila kopanda wilu, nyumba ni ya mukazi wosala na bana, pamozi. Mukazi ankhalamo umoyo wake onse, kuchoselako ngati akwatiliwa futi. Koma ine sininankhale loya, ba Dadi, ndipo ndine mwana wanu. Funsani bamene banasaina, bakulembeleni."

Fanwell anatenga foni yake n'kuyima pakona ya khonde pamene mphepo sinkafika. Ba Chewe anayankha pakati pa phokoso la madzi ndi wailesi. Anali kotsukitsa galimoto. Fanwell anadzitchula, n'kunena kuti pa zimene anawauza panali chimodzi chofunika kukonza: mng'ono wake anasiya mkazi, ndipo mkaziyo ali m'nyumbamo.

Wailesi ija inamveka ikutalikira. "Pali mukazi? Anakwatiliwa futi?"

"Ayi."

"Ba Njobvu, musasaine chilichonse. Olo kapepala kang'ono. Ija kalata ikeni pambali, mubwele pa Mande tikambe bwino."

Atabwerera pa tebulo anapeza makala a m'nsimbi atazirala. Anawauzira mpaka anayakanso, n'kumaliza kolala.

"Muzayenda ndithu?" anafunsa Tiza.

"Ndinaitana anthu. Ndikawauze ndekha."

"Nikambe ine?"

"Ayi. Iwe ukanyamule kalata."

Anakwera minibasi mpaka pa msika wa Mtendere, n'kuyenda pansi kotsalako. Tebulo la masikono silinali pageti. Pabalaza la nyumba ya Jameson panali makatoni omangidwa ndi zingwe za chitenje, ndipo makatani anali atachotsedwa kale. Emelda anagwada pakhomo powalonjera. Mkati munali Kasonde ndi wogula uja, ba Kalumba, mwini sitolo ya simenti ndi malata ku Chazanga, munthu wonenepa wokonda kuseka. Pangano linali pa katebulo, cholembera chili pamwamba pake.

"Ba tichala bafika!" anatero Kalumba. "Na polisi wao. Ine nabwela na bolopeni yanga, ya boma siilemba."

Fanwell anapereka moni kwa aliyense, n'kukhala. Anatambasula dzanja, Tiza n'kumupatsa kalata.

"Ba Kalumba, mwaona tsamba limodzi la kalatayi. Ndikufuna mumve enawo musanatulutse chilichonse m'thumba."

Anawerenga monga ankawerengera m'kalasi, mosathamanga. Anayamba ndi funso, n'kunena zimene funsolo silinafunse. Anatchula zinthu zisanu zimene loya sanafufuze, ndipo pa chachisanu anati, "Ichi ndinamuuza ndine, ndipo si choona. Mwambo tinachita, koma mlamu wangayu ndi mkazi amene Jameson anasiya." Anamaliza ndi chilolezo cha khoti chimene analibe, ndi mzere wonena kuti kalatayo ndi ya iye yekha. Anawonjeza kuti walankhula ndi loya m'mawa womwewo, ndipo wauzidwa kuti asasaine.

Kasonde anaimirira. "Ba Tata, si imwe munakamba kuti loya avomela? Motoka nakamba nayo kudala, mwine wake anilindila!"

"Ndine. Ndinawerenga molakwa."

"Ni uyu!" Kasonde analoza Tiza. "Loya wa pa Kaunda Square. Ukalibe na kupasa mayeso, wayamba kugwesa vinthu va banthu. Nyumba ni ya ba tate banga, sisi, si ya ba tate bako."

"Ni yako, Kasonde," anatero Tiza. "Palibe akupoka. Koma siili yako weka."

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Fanwell. "Lolemba ndikupita kwa loya. Tipite tonse, ukafunse funso lako ndi pakamwa pako, kuti gawo lako ndi lotani ndipo ungachite nalo chiyani. Amayi akowa akafunsenso lawo."

Kasonde sanakhale. Anatola kapu yake n'kutuluka, ndipo geti linamenyeka mwamphamvu kuposa mmene mphepo ikanalimenyera.

Kalumba anapempha tsamba lachitatu. Analiyika patali ndi maso, milomo ikuyenda, mpaka anafika pa mzere wonena za munthu wina wodalira kalatayo. Anaseka pang'ono, koma osati ngati poyamba.

"So ine nenze kugula nyumba na bamayo mukati, na jaji pa mwamba. Mulamu wanga anagula so ku komboni ya George, mpaka lelo ayenda kukhoti monga ni ku nchito." Anabweza cholembera m'thumba la shati. "Ba tichala, nani anaona ivi? Ndimwe?"

"Ndi uyu." Fanwell analoza Tiza.

"Mwana wa ndani?"

"Wanga," anatero Fanwell. "Woyamba." Anakonza masamba a kalatayo kuti alingane m'mbali, ngakhale anali olingana kale.

"Nipaseniko namba yake. Nili na makalata ya maloya yabili ku shopu, yonse nabelenga chabe pa siginecha."

Kalumba atapita, Emelda anali atakhala pa katoni, manja ali pa miyendo.

"Ba mulamu," anatero, "sininamvele vonse va Chizungu. Nichoka liti?"

"Simuchoka, mlamu. Palibe chogulitsidwa lero, ndipo palibe chidzachitike pa nyumba ino inu osafunsidwa. Zotsalazo tikamva Lolemba, inu mulipo."

Emelda anayang'ana makatoni, kenako mawindo opanda makatani. "Nenze napeza ka rumu ku Misisi. Kalibe malo ya uvuni."

"Kauzeni mwini wake kuti apatse wina."

"Nimasule?"

"Masulani."

Tiza anagwada n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya katoni yoyamba. Munali mathireyi a masikono, okulungidwa m'manyuzipepala. Emelda anawatenga n'kupita nawo kukhitchini, ndipo anakhalako nthawi yaitali kuposa imene imafunika poika mathireyi. Palibe anamutsatira.

Pobwerera anayenda pansi, fumbi likuwamenya kumaso. Pafupi ndi msika Fanwell anagula chinangwa chowotcha ndi mtedza, n'kupatsa mwana wake ngati mmene ankachitira pomutenga ku sukulu.

"Zogawa patatu zija anakuphunzitsa ndi bwana wako?"

"Vibili ni beve. Choyamba ni imwe. Munanidulila kompozishoni yonse mu giredi naini, ati yabwino koma si yamene bafunsa. Ninalila."

"Unalira ndithu," anatero Fanwell. Anayenda pang'ono. "Inali yabwino."

Atafika kunyumba anakhala pa tebulo n'kulemba funso loti apite nalo Lolemba. Analilemba, Tiza n'kulibweza kuti ndi lotambalala. Analembanso, nthawi ino ndi dzina la Emelda, la Kasonde, nambala ya nyumba, ndi zoti mkaziyo sanakwatiwenso. Tiza anawerenga, n'kugwedeza mutu kuvomera. Fanwell anatumiza uthenga kwa Kasonde womuuza ola lokumana pa siteshoni. Uthengawo unaoneka kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere.

Tiza anatsanzika cha m'ma folo, nthawi imene kalasi ya Loweruka inkayamba. Anaiwala kufuta bolodi. Fanwell anavula shati yoyera n'kuvala juzi yake ya masiku onse, n'kutenga kansanza konyowa. Anaima kanthawi akuyang'ana zolemba za mwana wake, zopendekera kumanja ngati za mayi ake. Ophunzira anali atayamba kulowa pageti, akukutumula fumbi m'mabuku. Anafuta bolodi kuyambira kumanzere, n'kulemba deti pakona, n'kuwauza kuti atsegule pepala la mayeso a chaka chatha pa funso loyamba.